Kalata Yodzineneza ku Msonkho

Pa zaka zonse zimene ndinagwira ukalaliki pa esiteti ya fodya cha ku Lukwa, ndinalemba makalata a mitundumitundu. Ena anali opempha ngongole ya feteleza, ena ochotsa munthu ntchito, ena opepesa maliro, ndipo ina inali yodandaula za ng'ombe za eni mudzi zimene zinatipondera nazale. Koma kalata yakuti kampani ikadzineneze yokha kwa anthu a msonkho, isanaitanidwe, isanagwidwe, ndinali ndisanaimvepo chibadwire. Tsiku limene ndinamva kuti tilemba kalata yotere ndinaseka, chifukwa ndinkayesa kuti ndi nthabwala za anthu a ku Lilongwe.

Ntchito yanga yeniyeni inali ya malipiro. Mwezi ukamatha ndinkawerengera masiku a munthu aliyense wolembedwa ntchito: akapitawo, osankha fodya, woyendetsa thirakitala, alonda, ndi ine ndemwe. Amene malipiro ake apitirira mlingo umene boma silidulapo kanthu, ndinkamudula msonkho wa pa malipiro, ndipo mwezi wotsatira usanafike pakati ndalamazo zinkakhala zitalowa kubanki m'dzina la a msonkho. Sindinachedwepo. Ndinali munthu wodzitama ndi zimenezi, ndipo kutchalitchi kwathu anandisankha kukhala msungichuma chifukwa cha mbiri yomweyo.

Koma panali ndalama ina imene sinkadutsa m'buku langa. Eni esiteti, amene tonse tinkangowatchula kuti Bwana Wamkulu, anali ndi mwambo wawo. Belo lomaliza likagulitsidwa ku okushoni, ankatisonkhanitsa m'shedi yosankhiramo fodya, m'mene fungo la fodya wouma linkakhala lisanathe. Ankakhala pa jeke yodindira mabelo, thumba la maenvelopu lili pamiyendo, n'kumaitana munthu mmodzimmodzi. Aliyense ankamuuza kaye mawu, mwina omuyamikira, mwina omunyogodola, anthu n'kumaseka, kenako envelopu m'manja. Ndalama imeneyi tinkaitcha ya thukuta. Mabanja ochokera ku maboma ena amene ankalima minda ya esiteti anali ndi kawerengedwe kawo kosiyana, iyi inali ya ife a m'buku la malipiro. Ambiri malata a nyumba zathu anachokera mu envelopu imeneyo, ndipo ana athu anapita nayo ku sekondale.

Bwana Wamkulu ankalemba okha zimene apereka, m'kope lofiira la ana a sukulu: dzina, chaka, ndalama. Zilembo zawo zinali zopendekeka ngati chimanga chogwa ndi mphepo.

Atamwalira, esiteti anaitenga mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe. Ndinamuona akukula mwana ameneyu. Ali wamng'ono ankabwera mu ofesi kudzasewera ndi chidindo, n'kumanditcha ankolo. Tsopano anali Mayi, ndipo ine ndinali a kalaliki. Sindinadandaule nazo, ndi mmene ziyenera kukhalira. Mayi anafuna kudziwa bwinobwino chimene alandira, choncho anabweretsa akauntanti, bambo wamfupi wodekha, wokonda tiyi wopanda shuga, kuti aone mabuku onse.

Masiku atatu oyamba anandiyamikira. La chinayi anapeza kope lofiira lija m'kabati ya malemu, pansi pa ziphaso zakale za fodya.

"Bambo, izi ndi chiyani?" anandifunsa.

"Ya thukuta imeneyo. Mphatso ya Bwana Wamkulu."

"Inkachokera m'thumba mwawo kapena mu akaunti ya kampani?"

"Ya kampani. Kumene kumalowera za fodya."

"Wosagwira ntchito pano ankalandira?"

"Alandira bwanji thukuta asanakhetse?"

Akauntanti anatseka kope pang'onopang'ono. Anandiuza kuti ndalama imene munthu walandira kwa womulemba ntchito chifukwa cha ntchito yake ndi malipiro basi, kaya muitche mphatso, kaya muitche thukuta, kaya muiike mu envelopu ya maluwa. Inayenera kuphatikizidwa ndi malipiro a mwezi umenewo, msonkho n'kudulidwa pa zonse pamodzi. Chinandichititsa chidwi n'chakuti ngakhale anthu amene miyezi yonse sankafika pa mlingo wodulidwa, mwezi wa envelopu ena ankaudumpha. Ndinatenga pensulo n'kuyesa ndekha pa dzina la mlonda wina, ndipo zinalidi choncho.

Mayi atamva, anangoti, "Ndiye titani?" Akauntanti anati njira yabwino ndi kudziulula tisanapezedwe. Apa m'pamene ndinaseka paja.

Ndine munthu wa mafunso, mkazi wanga amati ndikanakhala wapolisi anthu akanavomera milandu kuti ndingowasiya. Mlungu wonse ndinawapanikiza akauntanti. Ndinati, ndani angadziwe za kope la mwana wa sukulu lili m'kabati kuno kutchire? Iwo anati kope mukhoza kuliotcha, koma banki ikuonetsa ndalama yaikulu yotuluka chaka chilichonse msika ukangotha, ndipo tsiku limene a msonkho adzabwere kudzafufuza mabuku adzafunsa kumene inkapita. Ndinati, nanga za zaka zapitazo si zaphwa? Iwo anati, "Bambo, mlandu suola." Ndinati, phindu lodzineneza n'chiyani ngati ndalama mulipira ndithu? Anandifotokozera kuti msonkho weniweniwo suthawika, chiwongoladzanja cha kuchedwa nachonso chimawerengedwa, koma pali chindapusa chimene a msonkho ali ndi mphamvu yochepetsa kapena kukhululuka, ndipo amamvera bwino munthu amene wabwera yekha kusiyana ndi amene amuchita kumuvumbulutsa. Koma ukabwera wekha, anatero, umayenera kunena zonse, ndiponso zoona. Ukabisako kanthu kenako n'kudziwika, kalata yomweyo imasanduka mboni yokutsutsa.

Funso lomaliza ndinafunsa chifukwa cha mantha. Msonkhowo unayenera kudulidwa kwa ife olandira. Kodi atilanda? Akauntanti anati amene a msonkho amamugwira ndi wolemba ntchito, chifukwa ndiye anayenera kudula. Kampani ikhoza kufuna kubweza kwa antchito, koma Mayi anakaniratu. Anati ena anamwalira, ena anabwerera kwawo, ndipo otsalawo sangawalipitse mphatso ya bambo awo. Zimenezi zinakweza ngongole, chifukwa tsopano ndalama ya mu envelopu inawerengedwa ngati yotsala msonkho utadulidwa kale. Ndinawalemekeza Mayi tsiku limenelo.

Tinakhala milungu iwiri tikukonza ndandanda. Ine ndinkawerenga dzina ndi ndalama m'kope lofiira, n'kutsegula buku la malipiro la mwezi womwewo, akauntanti n'kuwerengera pa kompyuta molingana ndi mlingo wa chaka chimenecho, poti milingo inkasintha. Ndinaisangalalira ntchitoyo, sindinama. Dzina lililonse linkandikumbutsa nkhope, ndiponso mawu amene Bwana Wamkulu ankanena popereka envelopu.

Kenako kalata inafika. Akauntanti anailemba mu Chingerezi kwawo, n'kuitumiza kuti ndiisindikize Mayi asayine. Ndinaiwerenga itangotuluka m'makina, idakali yofunda. Inali yolongosoka bwino. Inatchula nambala ya msonkho ya kampani, zaka zokhudzidwa, mmene cholakwacho chinapezekera, ndalama yonse yotsala, pempho lakuti tilipire m'magawo chifukwa ndalama za fodya zimabwera nyengo imodzi, pempho lakuti chindapusa chikhululukidwe, ndi lonjezo lakuti kuyambira tsopano ndalama iliyonse yopita kwa wantchito izidutsa m'buku la malipiro. Ndinkagwedeza mutu movomereza mpaka ndinafika pa ndime yofotokoza chimene chinachititsa. Inanena kuti kalaliki wa malipiro sanaphatikize ndalamazi powerengera msonkho, ndipo akuluakulu a kampani sankadziwa kuti zinayenera kutero.

Pa esiteti yonseyo kalaliki wa malipiro anali mmodzi.

Ndinakhala pansi. Sanalembe dzina langa, koma ku Boma kulibe amene sakanadziwa. Mu ofesi ya msonkho ndinkalowamo kawirikawiri, ndipo mmodzi wa ogwira ntchito m'menemo ankapemphera mpingo wathu womwewo, kumene Lamulungu lililonse ndinkanyamula mbale ya zopereka kupita nayo kuchipinda. Ndinali nditatsala pang'ono kupuma ntchito. Ndinalibe galimoto, ndinalibe golosale, ndinali ndi dzina lokha, ndipo ndinaona kuti likupita kukagona mu faelo ya boma ngati la munthu amene analephera ntchito yake zaka zonsezo. Ndinapsa mtima.

Mayi ndinawapeza ku zigafa, akuona mmene fodya akuumira. Ndinadikira kuti kapitawo wamkulu achoke, kenako ndinawaonetsa ndimeyo ndi chala.

"Mayi, apa mwandisenzetsa katundu wa eni."

Anawerenga. Sanadabwe, ndipo ndinadziwa kuti anali ataiona kale.

"A kalaliki, ndi kalembedwe chabe. Palibe akukuchotsani ntchito. Dzina lanu mulibemo."

"Kope lija zilembo zake ndi za yani?"

"Ndikudziwa."

"Nanga bwanji osalemba zomwezo?"

Anayang'ana fodya wolendewera pamwamba pathu. "Bambo anga ali kumanda. Sangadziyankhire. Mukufuna ndisayine ndi dzanja langa kuti iwo ndi amene ankabera boma? Azakhali anga akamva ndikawayang'ana bwanji?"

"Ndiye poti ine ndili moyo, ndiwayankhire ndine?"

Mayi anangoti tidikire akauntanti Lachisanu. Kunena zoona ndinawamvetsa. Kwathu kuno wakufa sitimuimba mlandu, ngakhale amene tinkamudandaula ali moyo timamuika m'manda ndi mawu okoma. Akauntanti analemba zimene anaona m'mabuku, kuti buku la malipiro linali langa ndipo ndalamazo munalibe, ndipo Mayi anapeza pamenepo pobisala. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Koma panali chinthu china chimene Mayi ndi akauntanti sankachidziwa, ndipo chinandivutitsa masiku atatu odikira Lachisanu kuposa mkwiyo uja. Zaka zingapo m'mbuyomo a msonkho anaitana makalaliki a maesiteti ku Boma kukatiphunzitsa. Kumeneko mayi wina ananena momveka kuti bonasi ndi ndalama zina zonse zapadera zimadulidwa msonkho. Ndinabwerera ndi kapepala, n'kukawauza Bwana Wamkulu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kunditsutsa ndi chiganizo chimodzi. Ine ndinapinda kapepala kanga. Miyezi iwiri pambuyo pake ndinalandira envelopu yanga ndi manja awiri, ndipo sindinayambitsenso nkhaniyo.

Tsono taonani pamene ndinaima. Theka lachiwiri la ndime ija, lakuti akuluakulu sankadziwa, ndilo linali mwendo wa pempho lathu lakuti chindapusa chikhululukidwe. Ndikaulula kuti ndinawauza, dzina langa liyera, koma malemu adetsedwa, ndipo kampani mwina ilipira zambiri. Ndikakhala chete, kampani ipepukidwa, ine ndikhala kalaliki wosadziwa ntchito. Mkazi wanga anati, "Nenani zoona, mwakalamba kale kuti muyambe kunama." Ndikanakonda kunena kuti chimene chinandikankha ndi chikondi cha choonadi, koma ndikudzidziwa. Chinali dzina langa.

Lachisanu tinakhala atatu mu ofesi. Akauntanti anamva dandaulo langa, n'kuvomera msanga kuti ndimeyo sinali yachilungamo. Anati tingolemba kuti unali mwambo wakalekale wa kampani, umene akuluakulu ankauona ngati mphatso. Mayi anapumira m'mwamba, ine ndinati zikomo. Nkhani ikanathera pamenepo. Koma akauntanti, cholembera chili m'manja, anafunsa funso la mwambo chabe:

"Ndiye tikusiya mawu akuti panalibe amene ankadziwa. Palibe anawachenjezapo malemu, eti?"

Anafunsa akuyang'ana pepala. Ndikanangokhala chete, palibe akanazindikira. Dzina langa linali litayera kale, ndipo chifukwa changa choululira chinali chitatha. Koma ndinadzimva ndikuti, "Ndinawauza ine."

Ndinafotokoza za maphunziro aja, za kapepala kaja, ndi za envelopu imene ndinalandira pambuyo pake. Akauntanti anaika cholembera pansi. Anati mawu amenewo sangakhalenso m'kalata, chifukwa iwo sangathandize kulemba chimene akudziwa kuti si choona, ndipo Mayi sangachisayine. Anawonjezera kuti dzina langa mwina lili pa ndandanda ya amene anapita ku maphunzirowo, ndipo a msonkho sataya mapepala.

Mayi ankandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Ankolo," anatero, "anakuyankhani kuti chiyani?"

Ndinawauza monga mmene zinalili, ndipo mosafuna ndinatengera ndi mawu omwe a malemu, okhuthala, otuluka m'mphuno: "Boma likufuna thukuta la anthu anga? Libwere lidzasoke fodya kaye."

Mayi anaphulika kuseka. Anaseka mpaka kugwira pamimba, kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo ife amuna awiri tinangoyang'ana pansi. Atapukuta m'maso anakoka pepala, n'kulemba okha ndimeyo. Inati ndalamazi ankapereka mkulu wa kampani amene anamwalira, yemwe ankaziona ngati mphatso, kuti kalaliki wa malipiro anamuuzapo kuti ziyenera kudulidwa msonkho, koma kampani sinafunse uphungu ndipo inapitiriza mwambowo. Akauntanti anawachenjeza kuti ndi mawu amenewo mwayi wa chikhululukiro chonse wachepa. Mayi anati, "Ndamva. Sindikizani."

Kalatayo ndinakapereka ndine ku ofesi ya msonkho ku Boma, pamodzi ndi ndandanda ndi umboni wa kubanki wa gawo loyamba limene tinalipira. Ndinkayembekezera kuti mtsikana wolandira makalata adabwa, mwina aitana anzake kuti adzaone munthu wodzibweretsa yekha. Anangowerenga mutu wake, n'kudinda makope onse awiri, n'kundibwezera limodzi. Ndinamufunsa ngati makalata otere amabwera kawirikawiri. Anati amabwera, koma ambiri amabwera atamva kale kuti ofufuza ali m'njira, ndipo pamenepo sikukhalanso kudziulula.

Patapita milungu ingapo anabwera awiri kudzatsimikiza. Anakhala tsiku lonse akuyerekeza kope lofiira ndi mapepala a kubanki ndi mabuku anga. Wamkulu wa iwo anandifunsa ngati ndine kalaliki wotchulidwa m'kalata. Ndinati ndine. Anandifunsa chifukwa chake nditakanidwa ndinangosiya. Ndinati, "Munayamba mwagwirapo ntchito pa esiteti ya munthu, bwana?" Anamwetulira pang'ono n'kulemba kanthu kena kamene sindinakaone.

Yankho linabwera mvula itayamba. Anavomera ndandanda yathu, anavomera kuti tilipire m'magawo, chiwongoladzanja anati tilipire chonse, ndipo chindapusa anachichepetsa koma sanachichotse. Sanalembe kuti zikanatha bwanji ndime ija ikanakhala ina, ndipo akauntanti anati palibe angadziwe. Ine mpaka lero ndimaziganizira.

Nyengo yotsatira fodya sanagulidwe bwino, ndipo magawo a msonkho ankayembekezera. Belo lomaliza litagulitsidwa, Mayi anatisonkhanitsa m'shedi. Anafotokoza zonse mosabisa, za kalata, za bambo awo, za chindapusa. Anati chaka chimenecho ya thukuta kulibe, ndipo ikadzabwerera idzabwera pa pepala la malipiro, msonkho utadulidwa. Za ine sananene kanthu, koma pa esiteti palibe chinsinsi. Anthu anabalalika mwakachetechete.

Kapitawo wamkulu anandidikira pakhomo. Tinayamba ntchito chaka chimodzi ine ndi iye, ndipo ana athu anabatizidwa tsiku limodzi. Chaka chimenecho chinali chake chomaliza, ndipo kwawo anali atamanga nyumba ya njerwa zootcha imene inkangodikira denga.

"Achimwene," anatero, "akuti anali atakuchotsani kale m'kalatamo."

"Eya."

"Ndiye munalankhuliranji?"

Ndinayamba kufotokoza za kunena zonse ndi zoona, za ndandanda ya maphunziro, zakuti mwina envelopu ikanasowabe ngakhale ndikanakhala chete. Anandimvetsera mpaka kumapeto, poti ndi munthu waulemu.

"Mwina," anatero. "Ine za mwina sindizidziwa. Ndikudziwa kuti mvula ikubwera."

Anandigwira chanza, n'kukwera njinga yake. Mwezi wotsatira ndinamva kuti nyumba ija waifolera ndi udzu.